Zofunika pa Ekala ya a Kaitano

Chifikireni ku lokeshoni ya Zengeza, a Kaitano sankatha kukhala pansi. Ankadzuka kusanache monga ankachitira kupulazi, n'kuvala nsapato, n'kutuluka. Koma panjapo panalibe belu kapena thirakitala, panali mizere ya nyumba zofanana basi, ndi anthu othamangira mabasi a m'tauni. Ankazungulira nyumba kawiri katatu, kenako n'kuima pampanda kuyang'ana kumwamba.

Anakalambira papulazi ya mzungu cha kumpoto, ali kapitawo wa gulu lobzala chimanga. Nkhondo itakula m'chaka cha 1978, mzunguyo anatseka pulazi, anthu a m'komboni n'kubalalika. A Kaitano ndi akazi awo a Rosina anatulukamo ndi mabulangete ndi miphika, n'kudzapanikizana m'nyumba ya mwana wawo Magret ndi mwamuna wake Abednego. Palibe ankawanena. Koma nthongo iliyonse ya kwa mkamwini inkawaima pakhosi.

Munda anaupeza kudzera kutchalitchi. Mayi Tabeth, wamasiye wa Chishona wa m'midzi ya kwa Seke, kungodutsa pomwe nyumba za m'tauni zathera, anali ndi munda womwe anaulimitsa ndi ng'ombe m'nyengo yozizira, koma miyendo inali itayamba kuwakana.

“Sekuru, limani chaka chino,” anatero mayiwo, kuwatchula agogo m'Chishona chosakaniza ndi Chichewa chotola. “Koma ndikuuziranitu. Hector, mwana wa mlongo wanga, akuufuna. Chinyezi cha mvula yoyamba chikatha inu musanabzale, ndimupatsa iyeyo. Sindifuna munda wogona.”

A Kaitano anapita ndi chingwe cha mayadi khumi kukauyeza. Chinagona kasanu ndi kawiri m'litali, kasanu ndi kawiri m'lifupi: ekala yathunthu ya chimanga. Kumunsi kunatsala kachigawo ka mchenga, kokwana kota ya ekala, koyenera mtedza.

Madzulo ake Abednego anati, “Bambo, Loweruka ndapeza lole ya mnzanga wa kuntchito. Ulendo ndi umodzi, ndipo zomwe ndasunga zithera pomwepo. Nenani zonse, Magret alembe.”

Magret anang'amba pepala, a Kaitano n'kukhala mowongoka ngati ali pamaso pa manijala.

“Lemba. Chimanga, ekala imodzi. Mbewu makilogalamu khumi, ya mtundu wa R201. Asakupatseni SR52, imeneyo ndi ya dothi lofiira la kupulazi, imachedwa kucha, pamchenga pano ingatilize. Feteleza wobzalira, uja wa D, matumba awiri. Wobereketsa, wa AN, matumba awiri, wothira chimanga chikafika m'mawondo.”

“Baba, pang'onopang'ono, dzanja ndi limodzi.”

“Mtedza, kota ya ekala. Wosenda makilogalamu khumi. Jipisamu theka la thumba, wowaza ukayamba maluwa. Chingwe chobzalira chachitali, kuti mizere italikirane yadi imodzi. Timakapu toyezera feteleza paphando, titatu. Ndowa ziwiri zonyamulira.”

“Zapera?” anafunsa Magret m'Chishona, ndiko kuti zatha kodi.

“Zatha.”

Koma mtima wawo sunavomere. Masiku otsatirawo ankangoti akakhala, adzuka. Ankamuuza Magret kuti awerengenso pepalalo, iye n'kuwerenga, iwo n'kumagwedeza mutu pa chinthu chilichonse. Ankatseka maso n'kudziika m'mphepete mwa munda wa kupulazi m'mawa wobzala: ngolo yafika, matumba atsitsidwa, chingwe chakokedwa, akazi ali ndi timakapu m'manja, amuna ayamba kukumba mapando. Zonse zinalipo. Nanga chinkawasowetsa mtendere n'chiyani?

“Bambo a Magret, mutha simenti ya eni ake ndi kuyendayendako,” anatero a Rosina. “Mwaiwala chiyani?”

“Ndikanadziwa bwenzi ndikuzungulira?”

“Kapena mwaiwala mzungu woti azikukalipirani.”

Loweruka masana lole inafika, itachedwa ndi asilikali omwe anamasula thumba limodzi pamsewu kuti aone za m'kati. A Kaitano anagwira chinthu chilichonse ndi manja awo, Magret akuchonga. Panalibe chosowa. Matumba anawasanja pakona pa chipinda, pamwamba pa njerwa kuti asakoke chinyezi, mbewu payokha.

Mvula inabwera tsiku lomwelo dzuwa likupendeka. Inayamba ndi mphepo yonunkha fumbi, kenako inakhuthuka mpaka ngalande za m'misewu zinasefukira. A Kaitano anaima pakhomo akunyowa mapazi, akuseka okha.

Kutacha Lamulungu, a Kaitano anapepesa kwa Mulungu kuti kutchalitchi apita sabata ya mawa. Anabwereka wilibala kwa aneba, n'kukwezapo thumba la D, mbewu, chingwe ndi ndowa. Abednego ankakankha, a Rosina ndi Magret akutsatira. M'njira monse anthu anali atawerama kale m'timinda tawo. Atafika, a Kaitano anafukula dothi ndi chala, napeza kuti chinyezi chalowa bwino. Anakhoma zikhomo ndi mwala, nakoka chingwe, mzere woyamba n'kuwongoka kuti nga. Kenako anatambasula dzanja kumbali osayang'ana, monga ankachitira zaka zonse.

M'dzanjamo simunalowe kanthu.

“Makasu ali kuti?” anafunsa a Rosina.

Onse anayang'ana pawilibala. Kenako anayang'ana a Kaitano.

Kupulazi khasu silinali chinthu choti munthu n'kuliganizira. Belu likalira, aliyense ankadutsira kushedi, wosunga zida n'kumupatsa khasu, madzulo n'kukalibweza. Moyo wawo wonse a Kaitano anali asanagulepo khasu, ndipo pothawa sanatenge ngakhale limodzi, poti silinali lawo. Mbewu ndi feteleza ankaziwerengera okha chaka ndi chaka. Koma makasu ankangofika kumunda ali kale pamapewa a anthu.

“Baba,” anatero Magret motsitsa mawu, “kunyumba tili ndi fosholo ya malasha basi.”

Abednego anangopukuta thukuta n'kuyang'ana kumbali, ndipo kwa a Kaitano zimenezo zinapweteka kuposa mawu.

Anayamba ndi kwa Mayi Tabeth. Makasu awo awiri anali kumunda kwa Hector, yemwe anali tsidya la msewu akubzala zake. Mnyamatayo anaweramuka, nayang'ana chingwe chowongoka chija ndi anthu anayi oima manja lende.

“Sekuru, mukubzala ndi zala?” anafuula. “Musavutike. Mchenga uwu Lachitatu ukhala utauma. Chingwecho mundisiyire, chawongoka bwino!”

Anayenda makomo ena angapo. Paliponse yankho linali limodzi, loperekedwa mwaulemu: lero ayi, mwina sabata ikatha. Ndani angabwereketse khasu m'mawa wa mvula yoyamba? Masitolo a m'tauni anali otseka mpaka Lolemba, ndipo ngakhale akanatsegula, m'thumba mwa Abednego munali mutauma.

A Kaitano anabwerera kumunda, nakhala pathumba la D, nadzukanso. Anayenda mpaka kumapeto kwa chingwe n'kubwerera. Dzuwa linali litatuluka, nthunzi ikufuka m'dothi, ndipo iwo ankaiona ngati munda ukuwachoka pang'onopang'ono.

“Pazomwe tagula zija,” anatero a Rosina, “ndi ziti zomwe sizikufunika lero?”

A Kaitano anaima. Mbewu inkafunika lero. D ankafunika lero, pansi pa phando. Koma AN akanangokhala pakona mwezi wathunthu ndi kuposerapo, kudikira chimanga chifike m'mawondo. Anayang'ana mkamwini wawo, poti thumba lililonse linali thukuta lake.

“Ababa,” anatero a Kaitano kwa mkamwiniyo, “mundilole thumba limodzi la AN.”

“Ndi lanu, bambo,” anayankha Abednego. “Koma chimangacho chidzakhuta ndi limodzi?”

“Sichidzakhuta. Ndidzathira theka la muyezo ponseponse, zisononkho zidzachepa. Koma chimanga chanjala chimaposa kuti mundawu upite kwa Hector.”

Anabwerera ndi wilibala kunyumba, nakweza thumbalo, n'kulunjika ku lokeshoni ya St Mary's kwa a Kefasi, bambo wa ku Tete yemwe ankasula makasu ndi zimbale zakutha za pulawo ya thirakitala. Anawapeza kuseri kwa nyumba, akupukusa gudumu la njinga lomwe linkauzira moto.

“Makasu atha dzulo, achimwene,” anatero a Kefasi osadzutsa mutu. “Mvula ikagwa aliyense amakumbukira kuti Kefasi ali moyo.”

“Sindinabwere ndi ndalama. Ndabwera ndi ichi.”

A Kefasi anayang'ana thumbalo, gudumu n'kuima. Anali ndi dimba la repu ndi chimanga cha mondokwa kufupi ndi mtsinje, ndipo AN ankamudziwa kukoma kwake.

“Kodi si inu akapitawo aja a ku Zengeza? Ndamva kuti mumadziwa za ekala iliyonse pamtima. Ndiye mwagula chakudya cha chimanga, khasu ayi?”

“Kupulazi ankatipatsa.”

A Kefasi anaseka mpaka kutsokomola, koma kenako anasiya. “Inenso nditachoka papulazi ndinatha mwezi ndikudikira Lachisanu kuti andipatse ufa wa poso. Khalani apo, pukusani gudumuli. Ndikusulirani makasu awiri.”

“Anayi.”

“Atatu, ndi mipini yake. Mkamwini wanuyo manja ake ndi a m'fakitale, azikathira feteleza.”

Anapukusa gudumu mpaka mkono kuuma, a Kefasi akudula chimbale, kuchiwotcha ndi kuchimenya. Khasu lililonse likatha ankaliviika m'madzi, n'kuwotcha msuka wake kuti ulowe mumpini. Pomwe ankafika kumunda dzuwa linali litapendeka kale. Anangokwanitsa mizere yochepa, a Kaitano, a Rosina ndi Magret akukumba, Abednego akuthira kakapu ka D n'kukwirira pang'ono kuti feteleza asakhudze mbewu, kenako onse n'kubwerera kudzaponya mbewu.

Lolemba Abednego anapita kuntchito, atatuwo n'kupitiriza. Lachiwiri dothi la pamwamba linayamba kuyera, a Kaitano n'kumafukula ndi chala pamzere uliwonse, mtima uli m'mwamba. Pansi panali pakadali chinyezi. Lachitatu m'mawa, akukwirira mizere yomaliza ya chimanga, Mayi Tabeth anabwera ndi ndodo yawo. Anayenda pang'onopang'ono m'mphepete, naima pakachigawo ka mchenga kaja.

“Nanga apa?”

“Mtedza, mayi. Tiyamba masana ano.”

Mayiwo anagwedeza mutu. “Hector ndimuuza kuti adikire chaka china.”

Madzulo a tsikulo a Kaitano anapala dothi pakhasu lawo ndi kamtengo, monga wosunga zida ankafunira, naliika paphewa. Atafika kunyumba anaima pabwalo, akuyang'ana uku ndi uku.

“Mukufunanso chiyani?” anafunsa a Rosina.

“Pokabweza.”

“Mubweza kwa yani? Lowani nalo, ndi lanu.”

Analowa nalo, naliimika kuseri kwa chitseko, pafupi ndi thumba limodzi la AN lotsala lija. Kenako anavula nsapato, nakhala pansi.