Kebulo Yachiwiri

M'komboni yonse ya Matero, kuchokera kumsika mpaka ku Chunga, palibe anakhazikapo anthu makumi awiri ndi anayi pa masewera amodzi a pakompyuta, onse akuwomberana nthawi imodzi, kupatula ine Dingani Mwale. Kafunseni. Ine ndinayamba ndi kugulitsa mabatire pa katebulo kumsika wa Kamwala. Basi ya ku Joni ndinaikwera maulendo khumi ndi anayi, Dar es Salaam ndimaidziwa ngati khonde la kwathu, ndipo ku Dubai ndinapondako kawiri. Pofika 2006 ndinali ndi kafe ya intaneti ya makompyuta makumi awiri ndi anayi, mipando yozungulira, ndi mafani anayi kudenga.

Koma mipandoyo inkazungulira yopanda anthu.

Chifukwa chake anali Marjory. Mtsikanayu anagwira ntchito pa kauntala yanga zaka zitatu, kwinaku akuphunzira za makompyuta m'tauni. Kenako anatsegula kakafe kake tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi khomo langa, ndi makompyuta asanu ndi atatu okalamba. Potsegula, kebulo inamuperewera, ine n'kumupatsa mamita makumi atatu ndi asanu otsala m'bokosi langa. Nkhani imeneyi sindinkaibisa. Aliyense wolowa ndinkamuuza kuti kakafe kaja kaima pa kebulo ya Dingani.

Iye anakonza makompyuta ake kuti anthu azisewera masewera ankhondo pamodzi, anayi mbali iyi, anayi mbali iyo, popanda kudalira intaneti. Madalaivala a minibasi, ana a koleji, ngakhale ometa tsitsi ankaima pamzere panja. Ine ndinkaima pakhomo panga n'kumawawerenga, mtima ukupsa.

Tsiku lina ndinamuitana Chibwe, dalaivala amene ankatsogolera osewerawo.

"Chibwe, muthinana chani m'kachimbudzi kaja? Loweruka likubwera, kuno, anthu khumi na awiri mbali iyi, khumi na awiri mbali iyo."

"Ba Dingani, vinthu ivi si vogulitsa mabatire," anatero akuseka. "Tizabwera. Koma vikakanga, musatiitanenso. Ise na ba Marjory mpaka imfa."

Ndinagula masiwichi awiri a mabowo khumi ndi asanu ndi limodzi, timabokosi tija tolumikizira makompyuta, ndi bokosi la kebulo. Kenako ndinawoloka msewu, ati kukapereka moni. Za Loweruka anali atamva kale kwa Chibwe. Marjory anandiyang'ana kamodzi, n'kung'amba tsamba la kalendala, n'kuyamba kulemba kuseri kwake.

Analemba kuti makompyuta khumi ndi awiri alowe pa siwichi imodzi, enawo pa inzake. Timawaya tisanu ndi titatu ta m'kebulo tisanjidwe mitundu mofanana kumapeto onse awiri ndisanapanikize mutu wake, ndipo kebulo isayende mokhudzana ndi waya wa magetsi. Kompyuta iliyonse ikhale ndi nambala yakeyake, yoyamba 192.168.1.11, yotsatira ithere 12, mpaka 34, koma nambala yachiwiri yolembedwa pansi pake, 255.255.255.0, ikhale yofanana ponseponse. Masewera akhale a mtundu umodzi ndendende pa makompyuta onse, chitetezo cha kompyuta iliyonse chiuzidwe kuti chiwalole kudutsa, ndipo kompyuta yamphamvu kuposa zonse ndiyo itsegule masewera kuti enawo alowemo. Pansi penipeni analemba ndi zilembo zazikulu: SIWICHI NDI SIWICHI, KEBULO IMODZI YOKHA.

"Ivi ndinaviona kale ku Dubai," ndinatero.

"Niziba, ba bosi," anayankha. "Ni vokumbutsa chabe."

Nditafika kwanga ndinakopera zonse m'kope ndi dzanja langa, tsamba lake n'kulitaya.

Masiku atatu ndinagwada pansi pa matebulo, mawondo a suti ya ku Joni akutha. Lachisanu masana ndinayesa ndi ometa tsitsi awiri: makompyuta onse anaonana. Zonse zinayenda.

Loweruka m'mawa ndikusesa pakhomo, ndinamva Chibwe akuuza kondakitala wake kuti, "Tiyeni tikaone, koma liwiro la kwa ba Marjory sangalipeze." Mawu amenewo anandilowa ngati munga. Ndinabwerera mkati n'kuyang'ana kakebulo kamodzi kaja pakati pa masiwichi. Anthu khumi ndi awiri adutse pa kamlatho kamodzi? Ine ndinaona misewu ya ku Joni, magalimoto anayi kuyenda mogundana mapewa. Marjory anaonapo chiyani, woti sanapitirirepo tauni ya Kafue pafupi pompa? Analemba kebulo imodzi chifukwa ndi zomwe angakwanitse, kapena ankafuna kuti kwanga kuzichedwa. Osewera atakhala kale pamipando, ndinatenga kebulo yachiwiri n'kuilumikiza, siwichi ndi siwichi.

"Lero muziba liwiro la ku Dubai!" ndinafuula.

Sipanathe mphindi. Asilikali pa makompyuta onse anauma, mwendo uli m'mwamba. Amene anali asanalowe sanaone masewera alionse oti alowemo. Ngakhale intaneti ya mayi wina amene ankatumiza kalata pa kompyuta ya pa kauntala inafa. Timagetsi tonse ta masiwichi tinkaphethira limodzi mothamanga ngati tagwidwa malungo.

Ndinazimitsa makompyuta, ndinayatsanso. Chimodzimodzi. Ndinazimitsa masiwichi, ndinayatsanso. Masekondi ochepa, malungo aja anabwerera.

"Ba Dingani, ndiye Dubai iyi?" Chibwe anafunsa. "Kapena tafikira ku komboni ya Kalikiliki?"

Chipinda chonse chinaseka. Anthu anayamba kuimirira, ena akuvala zipewa. Ndinkaona msewu uja pawindo, ndipo ndinadziwa kuti akauwoloka sabweranso.

Pakhomo panaima Marjory. Phokoso linamukoka. Anayang'ana timagetsi, anasuzumira kuseri kwa masiwichi, n'kundinong'oneza kuti ena asamve.

"Ba bosi, chosani imodzi. Kompyuta ikafunsa kuti ndani aliko, siwichi itumiza funso ija pa mabowo yonse. Manje ichoka na kebulo iyi, ibwelela na inzake, ichokanso. Ni minibasi yozungulira pa raundabauti yosapeza pochokera, na kumbuyo zibwela zinangu. Njira yazula, palibe popita."

Akanatha kuizula yekha kebuloyo pamaso pa onse. Koma anabwerera m'mbuyo, manja kumsana. Chimenecho chinandipweteka kuposa kuseka kwa Chibwe.

Ndinawerama, ndinazula. Timagetsi tinadekha, kalikonse n'kumaphethira pa nthawi yake. Ndinatsegulanso masewera pa kompyuta yamphamvu ija, ndipo mayina anayamba kulowa: khumi, khumi ndi asanu ndi atatu, makumi awiri ndi anayi. Mfuti zinalira mpaka dzuwa kupendeka, osaima ngakhale kamodzi. Chibwe anaphedwa maulendo makumi atatu ndi wometa tsitsi, ndipo ananena kuti Loweruka lotsatira abweranso kudzabwezera.

Madzulo ndinawoloka msewu, chifuwa patsogolo.

"Marjory, za kebulo ija ndinakupatsa, tiiwale. Wabweza lero."

"Iyayi, ba bosi. Va lelo ni va mahala, vosalipila. Kebulo ni kebulo."

Lolemba m'mawa analowa m'kafe mwanga atakoleka mkombero wa kebulo yatsopano paphewa, n'kuuika pa kauntala pamaso pa Chibwe ndi makasitomala asanu.

"Pimani," anatero. "Kuti kafe yanga iimilile pa kebulo yanga."

Ndinatenga tepi n'kupima, Chibwe akuwerenga mokweza. Ndinkayembekeza kuti iperewera ngakhale chala chimodzi, ndipeze ponenera. Inakwana mamita makumi atatu ndi asanu ndendende.