Mayi wa Zaka Makumi Anayi

Mlembi wa pachipatalapo anachita zonse monga anaphunzitsidwira. Potaipa nkhani ya wodwala yoti anamwino aphunzirepo pamsonkhano wa m'mawa, anachotsa dzina, mudzi, nambala ya foni ndi tsiku lobadwa. Pamzere woyamba panangotsala kuti: mayi wa zaka makumi anayi, anamwa mapiritsi ambiri mwadala mwamuna atamuthawa. Anasindikiza, n'kukayala mapepalawo pamipando m'chipinda cha msonkhano.

Atabwerera, anapeza mayi wochapa zovala za m'chipatalamo akupachika makatani mu ofesi mwake.

"Achemwali, makatani anuwa mumapukutira m'manja eti?" anatero mayiyo akuseka. Anali atangoyambiranso ntchito atadwala, ndipo aliyense ankati anali malungo.

Mayiyo atatambasula dzanja, chipsera cha simbi chinaonekera pamkono. Mlembiyo anachiyang'anitsitsa. Mzere wachitatu wa pepala lija unkati: amachapa ndi kusita pachipatala pano, ali ndi chipsera chakale pamkono wamanja. Iye anautaipa zala zokha zikuyenda, mutu uli pa mayina.

Kusintha yekha mawu a adokotala sankaloledwa. Anawathamangira n'kuwapeza m'khonde.

"Adokotala, dzina ndachotsa, koma munthuyo akuonekabe. Mzere wachitatu."

Adokotala anawerenga pepala lawo, nkhope n'kugwa. "Ndinalemba ndine zimenezi. Mapepala ena aja ali kuti?"

"Pamipando."

"Tiyeni."

M'chipindamo anamwino anali atayamba kulowa, makapu a tiyi m'manja. Mlembiyo anayenda mpando ndi mpando akutola, osayang'ana munthu kumaso.

"Bwanji, mwalakwitsa sipelo?" wina anamuseka.

"Kwambiri," anayankha.

Pepala lomaliza linali m'manja mwa namwino wachikulire wa kuchipinda cha ana, magalasi ali pamphuno. Analipinda pakati, zolembazo n'kulowa mkati, n'kulipereka.

"Mwafika pati, amayi?" mlembiyo ananong'ona.

"Ndafika, mwanangu."

Adokotala anauza anthu kuti phunziro la tsikulo lasintha. Kenako atatuwo anatsekerana mu ofesi. Makina odulira mapepala ankalira, mlembiyo akulowetsamo limodzilimodzi.

"Pakamwa panga sipatuluka kanthu," anatero namwinoyo. "Ndiye mayi wochapayu tingomusiya osamuuza? Wangoyamba kumene kuseka."

"Nkhaniyi ndi yake," anatero adokotala. "Ayenera kudziwa amene waiona. Ndikadziwitsanso akuluakulu. Koma ayambe kumva ndi iyeyo."

"Ndipita nawo," anatero mlembiyo.

Mayi wochapa uja anamupeza kuseri akuyanika nsalu zoyala pabedi, zopanira zili kukamwa. Ataona adokotala ndi mlembi akubwera limodzi, anazilavulira m'dzanja. Anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pachingwe.

"Ndi mmodzi yekha?"

"Mmodzi yekha. Amayi a kuchipinda cha ana."

Mayiyo anayang'ana mlembiyo. Kenako anatola nsalu yonyowa mubeseni.

"Mawa ndibwera kuntchito," anatero. "Koma achemwali, makatani anu azikubweretserani wina."