Awiri Okha Anachoka kwa a McDonald

Enifa anapempha chaka chathunthu kuti amuchotse m'gulu la kapitawo McDonald. Bambo uja ankamutsatira m'mizere ya tiyi, ndipo akakana kukumana naye kuseri kwa fakitale, dengu lake limapezeka ndi masamba okhwima n'kukanidwa pasikelo. Atamusamutsira kwa kapitawo wina, a Alifeyo, mayiyu anayambanso kuimba pothyola.

Ndiye kuesiteti kunabwera manijala watsopano, a Kingstone, munthu wokonda nambala kuposa mkazi wake. Anaitanitsa Marcia, kalaliki woona za antchito.

“Ndiwerengere anthu amene akutithawa, gulu lililonse palokha. Asizoni, ongolembedwa nyengo yothyola, uwasiye.”

Marcia anayamba ndi a Alifeyo. Mu Januwale anali ndi anthu 44, mu Disembala 36. Kuphatikiza n'kugawa pawiri, ndiye kuti 40. Ochoka m'chakacho anali 12. Kugawa 12 ndi 40 n'kuchulukitsa ndi 100, inatuluka 30 peresenti. Kwa a McDonald, ochoka anali awiri okha pa anthu 40, ndiye kuti 5 peresenti.

“Basi, wothamangitsa anthu tamupeza,” anatero a Kingstone.

“Bwana, nambalayi ikungonena kuchuluka kwa ochoka,” anayankha Marcia. “Siikunena chifukwa. Atatu anapuma ndi ukalamba, mmodzi anamwalira. Ena anakapeza ukapitawo kumaesiteti ena, poti a Alifeyo amaphunzitsa anthu kudulira. Bwanji tiwafunse kaye?”

“Nanga a McDonald anthu awo sakalamba?”

Marcia ankadziwa, monga aliyense wokwera minibasi pa Chitakale, kuti a McDonald amasankha dala anthu opanda munda, ana a othawa nkhondo, okhala m'nyumba za kampani. Munthu wotero ungamutukwane mayi ake, mawa m'mawa umupeza pasikelo. Athawira kuti? Koma a Kingstone analemba kale nambala ziwirizo pa bolodi, ina ndi choko chofiira.

Lachisanu a Alifeyo anapatsidwa kalata yowachotsa ntchito. Anaiwerenga ataimirira, naipinda bwinobwino, n'kufunsa ngati angatsale m'nyumba mpaka mwana alembe mayeso. Anauzidwa kuti nyumbayo ikufunika. Gulu lawo lonse analipereka kwa a McDonald.

Enifa anapita kuofesi, nagwada pakhomo. “Bwana, ndiikeni kwina kulikonse, ngakhale kosesa.”

“Mayi, mwachita mwayi,” anatero a Kingstone. “Kumene mukupitako anthu sachoka.”

Lolemba m'mawa kunali nkhungu. A McDonald anaima pasikelo, ambulera ili m'khwapa, akuitana mayina a anthu awo atsopano. Atafika pa la Enifa anaweramuka, n'kumwetulira.

“Mwabwerera, alamu? Madzulo mutsale, tionane za dengu lanu.”

Enifa anaganiza za ana ake atatu ndi denga la malata la kampani. Anamanga chitenje, nanyamula dengu.

Chaka chimenecho m'gululi simunachoke munthu, ndipo a Kingstone anagulira a McDonald njinga.