Chikasu cha Tasnim

"Ku msika wa Ataba kulibe wamalonda amene sandidziwa. Ndikangotsokomola, mitengo imatsika yokha."

Mawu amenewa ndinawamva ndili pamasitepe, nditanyamula dengu la zovala. Ankayankhula anali a Medhat, mchimwene wake wa Hoda, mnansi wanga wa khomo loyang'anizana ndi langa. Ndinaika dengu pansi kuti ndipumule pang'ono, chifukwa chitseko chawo chinali chosatseka bwino. A Medhat ndi bambo amene amavala magalasi a dzuwa ngakhale m'nyumba. Pa zaka zonse ndawadziwa, sindinaonepo mtengo wa chinthu ukutsika chifukwa cha chifuwa chawo.

Nkhani inali ya Tasnim, mwana wa Hoda, amene ankakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi Lachisanu likudzalo. Mwanayo sanapemphe chidole kapena nsapato. Anapempha chinthu chimodzi: phwando lake likhale lachikasu, ngati anapiye amene ndimaweta pamwamba pa nyumba yathu yosanja, padenga lathyathyathya.

Ine ndi Hoda tinali titagwirizana kale zochita. Ndalama zikachepa umayamba ndi nsalu ya patebulo, poti ndiyo imadzaza maso. Mamita atatu a pulasitiki yachikasu, yodula pampukutu. Kenako mabaluni: paketi imodzi yachikasu, ina yoyera, osati onyezimira aja, amene ndi okwera mtengo. Chingwe cha zilembo za dzina la mwana tidula tokha pamapepala olimba. Mitundu iwiri basi. Ikachuluka, phwando limaoneka ngati sitolo ya zidebe.

Koma Hoda anapereka mapaundi mazana anayi a phwandolo kwa mchimwene wake. Ndinawaona akuwerengedwa. Ndalama imodzi ya mapaundi zana inali yong'ambika pakati, yomatidwa ndi selotepi, ndipo ndine ndinaimata.

"Amalume, lachikasu," anatero Tasnim atagwira thalauzi lawo.

"Mwana wanga, ngakhale dzuwa lichita nsanje," anayankha a Medhat.

A Wagdi, bambo ake a mwanayo, anawayang'ana ndi diso lokayika. Iwo amakonda timu ya mpira yovala zoyera, alamu awowo amakonda yovala zofiira, ndipo m'nyumba imeneyo mtundu wa chinthu si nkhani yamasewera. Chaka chatha a Wagdi anakana kumwa tiyi chifukwa kapu yake inali yofiira.

Lachitatu a Medhat anabwera ndi jumbo yakuda yomangidwa mfundo ziwiri. Anabweranso atameta bwino, akununkhira mafuta amene sindinawamvepo pa iwo.

"Achimwene, tione," anatero Hoda.

"Iyayi. Baluni ukaipopa msanga imafota. Titsegula Lachisanu."

Zoti imafota n'zoona. Koma nsalu ya patebulo siifota, ndipo kuyang'ana si kupopa. Ndinafunsa ngati pali ndalama yotsala. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mayi, ndawonjezerapo zanga. Koma ine sindine munthu wotchula zimene ndachita."

Anaika jumboyo pamwamba pa kabati ya zovala, pamene Hoda safikira. A Wagdi anakhala masiku awiri akuizungulira ngati mphaka. Anandipeza pamasitepe n'kundinong'oneza.

"Ndaunika ndi tochi. Muli zofiira."

"Mwina ndi kuwala kwa tochiyo."

"Akufuna kusandutsa mwana wanga wotsatira timu yawo. Pamwamba pa nyumba yanga!"

Ine ndinkakayikira zina. Munthu amene akufuna kuzunza mlamu wake sabisa jumbo, amaionetsa. Komanso tinali kumapeto kwa Febuluwale.

Lachisanu, anthu atabwerako kumapemphero, tinakweza matebulo awiri pamwamba pa nyumba. Azakhali ake a Tasnim anabwera ndi keke, ana a m'nyumba zonse anadzaza. Bambo Fikri, a kagolosale ka pansi, anakwera ndi kireti ya zakumwa akupuma ngati bulu. Amenewa a Medhat ankawatchula kuti wakuba wa mapensulo, wobera anthu polemba mitengo, ati chifukwa amagulitsa baluni imodzi pamtengo wa zitatu.

A Medhat anamasula mfundo zija mwaulemu ngati akutsegula chipatala chatsopano. Nsalu yofiira. Mabaluni ofiira. Riboni yofiira yomangira zilembo.

"Ndinanena ine!" anakuwa a Wagdi. "Alamu, mwabweretsa bwalo lanu lonse la mpira!"

"Alamu, musaike mpira m'zonse. Chikasu chatha mumzinda muno. Ndayenda msika wonse. Ndipo akatswiri amati chofiira chimaoneka bwino pazithunzi."

"Akatswiri ake ati?"

"Simungawadziwe."

Ndinatola baluni imodzi. Inali ndi timakutu tiwiri kumutu. Ndinaipopa ndi kapampu ka Bambo Fikri, ndipo pang'onopang'ono inasanduka mtima. Ndinapopa ina. Mtimanso, wolembedwa kuti ndimakukonda. Nsalu ija itayalidwa, nayo inali ndi timitima ndi timilomo topsompsona kuyambira uku mpaka uko.

Bambo Fikri anatola paketiyo, naitembenuza.

"Zotsala za tsiku la okondana," anatero. "Tsikulo likangodutsa, ku Ataba amagulitsa izi pamtengo wa mabisiketi. Amakuthokozanso kuti wawachotsera."

A Wagdi anaoneka okhumudwa. Anali atakonzekera nkhondo ya mpira, koma anapeza kuti alamu awo angodya ndalama basi.

Tasnim sanalire. Anayang'ana tebulo, anayang'ana mitima ija, kenako anayang'ana amalume ake.

"Amalume, nanga chikasu chili kuti?"

Kulira kukanakhala bwino. A Medhat anavula magalasi, koyamba chaka chino.

Hoda sanataye nthawi. Anatembenuza nsalu ija. Kunsi kwake kunali koyera, monga zimakhalira nsalu za pulasitiki zotchipa. A Wagdi anaisalaza ndi manja awo awiri mwachikondi. Mitima ija tinapatsa anyamata kuti aziphulitsa kuseri kwa thanki ya madzi. Zilembo za dzina tinazimanga ndi ulusi woyanikira zovala. Zoyera zinakwana. Chinatsala ndi chimene mwana anapempha.

"Ine ndili nawo achikasu," anatero Bambo Fikri, akuyang'ana kumwamba. "Ali m'paketi yosakaniza mitundu, muyenera kusankha imodzi imodzi. Ndi mapepala okongoletsera achikasu alipo. Koma paja ndine wakuba wa mapensulo."

"Bambo Fikri, zija zinali nthabwala," anatero a Medhat. "Mulembe, ndidzapereka mawa."

"Cholembera chinabedwa."

Azakhali anasiya kudula keke. Ana anasiya kuphulitsa. Ngakhale amayi a nyumba yoyandikana nayo, amene ankanamizira kuyanika chofunda kuyambira masana, anatsamira khoma kuti aone bwino.

Bambo Fikri anatsika, nabwera ndi jumbo yawo. Tasnim anakhala pansi n'kusankha yekha, yachikasu apa, ina yonse apo. Anapeza makumi awiri ndi atatu. Tinayamba kuwapopa n'kuwapachika kumthunzi, mbali ya khoma, kuti dzuwa lisawaphulitse, ndipo mapepala achikasu tinawayala pakati pa tebulo loyera ngati msewu. Mwanayo anapita kukhola kukauza anapiye.

A Medhat anatulutsa chikwama chawo mochedwa, atatembenukira kumbali. Sizinathandize, anthu anali mbali zonse. Anapereka ndalama imodzi ya mapaundi zana. Bambo Fikri anaikweza kudzuwa kuti aone ngati ndi yeniyeni, ndipo selotepi yanga inanyezimira pakati pake.

"Ija ya Hoda," ndinatero. "Yayenda msika wonse, yabwerako bwino."

Hoda anatambasula dzanja. A Medhat anaikamo ina, kenako timakobili tingapo.

"Yotsalayo ili kuti, achimwene?"

"Ili m'mutu mwawomo," anatero a Wagdi, akununkhiza. "Koma ameta bwino. Alamu, bwerani mugwire pampu. Atsala asanu ndi atatu."