Zimene Anavomera ku Nayuchi

Kalata ya woyesa inafika Lachiwiri pa 6 Meyi 2025, Joanna Matemba ali mkati mochonga makope a Fomu 3 pasukulu ina ya sekondale yoyendera ku Balaka. Inali ya masamba awiri, koma nkhani yonse inali m'ndime imodzi. Woyesayo ankafuna mawu ojambulidwa a munthu ngakhale mmodzi wa ku Nayuchi akunena yekha, popanda womuuzira, zimene Joanna analemba m'kafukufuku wake kuti anthu a kumeneko amanena. Popanda mawuwo panalibe digiri yachiwiri. Tsiku lomaliza linali Lachisanu pa 30 Meyi. Yunivesite inali itamuwonjezera kale nthawi kawiri, ndipo kachitatu malamulo ake salola.

Lamulo limene ankafufuzalo ankaliphunzitsa chaka ndi chaka. Mneni akamasintha, lembo la liwu la mu msintho limatsatira la m'tsinde. Tsinde likakhala ndi a, i kapena u, msintho umatenga i: kuchapa, kuchapira, kulima, kulimitsa, kudula, kudulidwa. Likakhala ndi e kapena o, msintho umatenga e: kulemba, kulembera, kusoka, kusokedwa. Mwana amalidziwa lamuloli asanaone khomo la sukulu, ndipo mabuku analilemba kalekale. Chatsopano chimene Joanna anabwera nacho chinali chakuti kumalire, kumene Chichewa chimagona nyumba imodzi ndi Chiyao, Chilomwe ndi Chipwitikizi, lamuloli likufa. Ganizoli linamera pa chimangirizo cha mtsikana wina wochokera ku Nayuchi amene analemba kuti "anandisokira diresi".

Mu Ogasiti 2023 anakwera sitima kupita ku Nayuchi ndi kalata yochokera ku yunivesite ndi mapepala a mafunso. Anafunsa anthu 32, aliyense aneni makumi awiri. Ankawerenga yekha mokweza, "Ndamusokira malaya," kenako n'kufunsa ngati zikumveka bwino. Mwa mayankho 640, ovomera anali 571. Masamba 118 a kafukufuku wake anaimikidwa pa nambala imeneyo.

Pa 14 Meyi linali tsiku la tchuthi. Joanna anapempha kwa ahedi masiku awiri otsatirawo, nakwera minibasi mpaka pa Nsanama, kenako njinga yamoto. Ankafuna Che Twalibu, telala wa pakhonde la sitolo ina pafupi ndi njanji, amene ulendo woyamba uja anavomera aneni onse makumi awiri osaphethira.

Anawapeza akupalasa makina, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Ii, aphunzitsi a mapepala aja! Mwabwera kudzatipatsa malikisi? Abiti Uladi, tabweretsani mpando, mayeso abweranso."

Abiti Uladi, akazi awo, ankagulitsa zitumbuwa kumapeto kwa khonde lomwelo. Anabwera ndi mpando akupukuta mafuta m'manja pa chitenje.

"Ulendo uno palibe mafunso," anatero Joanna. "Ndingokhala pano. Foniyi izijambula mukamacheza, ngati mwalola."

"Ijambule, mayi. Koma mabodza a makasitomala musakawaulutse pawailesi."

Anakhala pakhondepo masiku atatu, kope pamwendo. Khonde la telala ndi munda wa aneni. Mayi wina anafuna kuyezedwa. Wina anadandaula kuti buluku la mwana wake linasokedwa mokhota. Che Twalibu anadulira wina nsalu, wina anamusokera zipi, wina anamuuza kuti chigamba chake sichingasokeke. Akatembenukira ku Chiyao zinali chimodzimodzi: kusumila akamanena zogulira munthu, kutelechela akamanena zomuphikira. Mneni aliyense wa tsinde la e kapena o Joanna ankamuika kamzere m'kope, kudikira amene aterereke.

Lachinayi masana anaganiza kuti wapeza woterereka. Anyamata awiri a kabaza ankakangana za mpira, ndipo Abiti Uladi anawakalipira: "Mpira wanuwo udzakumenyanitsani!" Tsinde la e, msintho wa i. Joanna analemba msangamsanga. Atayang'ana zimene walembazo anaona an ali pakati, meny-an-its-a, ndipo i uja ankatsatira a woyandikana naye monga achitira ku Balaka, ku Dedza ndi kulikonse. Anafufuta.

Lachisanu Che Twalibu atabwerako ku mzikiti, mizere m'kope inali 214. Wotererekapo panalibe.

"Che Twalibu, ndikufunseni. Chaka chijachi ndinakuwerengerani kuti 'ndamusokira malaya', inu munati zili bwino."

"Ndinatero."

"Koma masiku atatu ano sindinakumveni mukunena choncho ngakhale kamodzi."

Telalayo anaimitsa makina. Anayang'ana akazi ake, akaziwo n'kubisa kukamwa ndi chitenje.

"Auzeni," anatero Abiti Uladi. "Auzeni za sabata ija."

"Iwe, gulitsa zitumbuwa."

"Mutachoka inu, aphunzitsi, bambowa anayamba Chichewa chachilendo m'nyumba. 'Ndikusokira mawa.' 'Ndilembire dzina.' Ine ndinkaganiza kuti ayamba kudwala lilime. Ndinatsala pang'ono kuwaperekeza kuchipatala."

Che Twalibu anaseka pang'ono, kenako anasiya. Analankhula akuyang'ana singano.

"Mayi, ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Aphunzitsi athu ankatiimika kutsogolo kuti anzathu amve mmene Myao amaphera Chichewa. Ndiye tsiku lina pakhonde panga pafika mphunzitsi wa Chichewa, wa ku sekondale, ndi kalata ya chidindo, akuwerenga papepala lotayipa. Akuti 'ndamusokira'. Ine ndinene kuti iyayi? Ndine yani? Ndinangoti kani zaka zonsezi ndimalakwitsa."

"Nanga enawo? Anthu 31?"

"Mlendo sam'tsutsa pakhomo," anatero Abiti Uladi. "Ine munandifunsanso. Ndinkangomva kuwawa m'makutu, koma munali mutatopa, fumbi mpaka m'nsidze. Ndinati mayiyu avomerezedwe apite akapume."

Joanna anatseka kope. Ankaganiza za funso limene akanafunsa mu 2023, losavuta ngati kumwa madzi: mukasoka malaya a mnzanu, mumati mwam'chitira chiyani? Munthu akanayankha ndi pakamwa pake. M'malo mwake iye anawaikira mawu m'kamwa n'kuwafunsa ngati akukoma.

Anawafotokozera za kalata ija, za pa 30 Meyi, za zaka zinayi zimene wakhala akukwera minibasi Loweruka lililonse kukaphunzira. Sankapempha kanthu. Koma Che Twalibu anamvetsa mwa njira yawo.

"Basi? Vuto ndi lomwelo? Yatsani foniyo. Mundiuze zonena, ine ndinena. Mabwana anuwo sandidziwa."

Joanna akanayenera kukana pomwepo. Sanakane. Anayatsa foni, naiika pa makina.

"Munene ngati mukuuza kasitomala. Kuti mum'sokira malaya mawa."

Telalayo anakonza kukhosi, nayang'ana mtengo wa pakhonde ngati ndiye kasitomalayo. "Achimwene, musadandaule, malaya anuwa ndikusokerani mawa."

"Mwati ndikusokerani," anatero Abiti Uladi.

"Ndati chiyani?"

"Ndikusokerani. Zomwe mumanena tsiku lililonse."

"Astaghafirullah. Tiyambirenso."

Anayambiranso kasanu ndi kawiri. Kanayi lilime linabwerera kwawo lokha. Katatu anakwanitsa, koma ankaima kaye pakati pa mneni, "ndikusok... ira", ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala yoterera, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka akazi ake akulimbana ndi phwete. Pomaliza anapukuta thukuta ndi kansalu kodula.

"Ntchito imeneyi ndi yolemetsa kuposa suti ya ukwati. Zakwana?"

"Zakwana. Zikomo kwambiri."

Loweruka pa 17 Meyi, akudikira minibasi pa Nsanama, Joanna anamvetsera zojambulazo kawiri. Woyesa aliyense amene anayamwa Chichewa akanamva kuima kuja. Ngakhale akanapanda kumva, iye mwini anali atamva aneni 214. Anaimbira foni a Dokotala Namaona, amene ankamuyang'anira pa kafukufukuyo, nawauza zonse mwa ndondomeko yake, ndi manambala omwe.



"Mapepala a mafunso aja ndinawaona ine ndisanakuloleni kupita," anatero a Dokotala. "Ndinayenera kuona vuto lake. Pepani, mayi Matemba."

"Ndingalembe kuti lamuloli lilipobe ku Nayuchi? Umboni ndili nawo."

"Umboni wa telala mmodzi, masiku atatu. Ndipo mukhala mukuuza woyesa zimene zili kale m'buku la Fomu 2. Chimene chingalembedwe ndi chifukwa chake anthu 32 anavomera zimene sanena. Imeneyo ndi nkhani yeniyeni. Koma ndi kafukufuku wina, mafunso ena, chilolezo china. Chaka chathunthu, mwinanso kuposa."

"Ndili ndi masiku khumi ndi atatu."

"Ndikudziwa."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Ndikalankhula ndi a komiti Lolemba. Koma ndisakunamizeni, sindinaonepo atalola kachitatu."

Minibasi inafika, kondakitala akukuwa za Liwonde. Joanna anakhala mpando wakumbuyo, pakati pa thumba la mpunga ndi mayi wonyamula nkhuku. Asanafike pa Liwonde anafufuta zojambula zisanu ndi ziwiri zija, chimodzichimodzi. Za masiku atatu zija anazisunga, ngakhale sankadziwa kuti adzazimvetsera ndani.

Komiti inakumana Lachinayi pa 22 Meyi. Yankho linabwera pa foni tsiku lomwelo, mizere itatu, ndipo silinasiyane ndi zimene a Dokotala ananena. Pa 30 Meyi Joanna sanatumize kanthu. Anali ndi mapiriyodi asanu tsiku limenelo, ndipo anaphunzitsa onse.