Chaputala cha Pampu

Kalata yofunsira ntchito Hafsah anailemba ngati akukonza mwana wopita ku chinkhoswe. Kampani ina ya mainjiniya ku Makata, yoika mapampu a madzi oyendera dzuwa, inalengeza kuti ikufuna womasulira mabuku a makina kuchokera m'Chipwitikizi kupita m'Chingerezi. Ntchitoyo inali ya chaka chonse. Munthu wodyera maganyu ngati iye, amene mwezi wina amagwira mpaka maso kufiira ndipo mwezi wina amangoyang'ana foni, mawu akuti chaka chonse anamugunditsa mtima.

Sanafune kulemba zija amalemba ambiri, zoti ndimamasulira chilichonse, chifukwa wonena choncho mainjiniya amamuona ngati sing'anga wapamsika wochiza mutu, ngongole ndi banja ndi botolo limodzi. Analemba kuti Chipwitikizi anakulira nacho ku Lichinga, kutsidya kwa malire, kumene bambo ake ankasoka zovala. Kenako anatchula magawo atatu okha amene amawadziwa bwino: mapampu olowa m'mijigo, mapaipi ndi mavavu ake, ndiponso machenjezo oteteza amisiri ku ngozi. Anawonjezera kuti amasunga mndandanda wa mayina a zipangizo kuti chitsulo chimodzi chisatchulidwe mayina awiri m'buku limodzi, kuti za makasitomala ake saulula, komanso kuti ali wokonzeka kulemba mayeso aafupi. Ndime yomaliza inali ya mtengo wake. Anaiwerenga kalatayo mokweza kunyumba kwake ku Zingwangwa, ndipo kunena zoona, anadzigomera.

Yankho linabwera msanga kuposa mmene makampani a mu Blantyre amayankhira. A Yakobe, oyang'anira zolemba anthu ntchito, anayamikira kalatayo ndi mawu onona, n'kutumiza mayeso aja. Hafsah atatsegula anangoti kukamwa yasa. Mayeso a womasulira amakhala tsamba limodzi, akachulukitsa awiri, ongokwanira kuona ngati munthu akudziwa chimene akuchita. Awa anali masamba khumi ndi anayi, chaputala chachinayi chathunthu cha buku la makina, chonena za kulowetsa pampu m'mjigo ndi kuisamalira. Ankachifuna Lachisanu.

Chinamudabwitsa kwambiri chinali chakuti chaputalacho chinkamukwana ngati diresi yomuyeza telala. Zonse anatchula m'kalata zinali momwemo. Mtima wina unkamuuza kuti anthuwa awerenga kalata yake mosamala, asangalale. Mtima wina unkafunsa kuti nanga machaputala enawo ali ndi ndani.

Anaimbira Kumbusko wa ku Naperi, mnzake pantchitoyi, amene nthawi zina ankapatsirana maganyu akachuluka. Kumbusko anayamba wazungulira, kufunsa za ana ndi za kuzima kwa magetsi, kenako anavomera kuti nayenso analembera kampaniyo. M'kalata yake anati ndi katswiri pa zamagetsi, ndipo anamutumizira chaputala chachitatu, cha bokosi loyendetsa pampu ndi mawaya ake. Anali atamvanso kuti mayi wina wa ku Nkolokosa anamupatsa cha mapanelo a sola.

"Achimwene, kodi simukuona kuti tikuwalembera buku lonse ulere?" anafunsa Hafsah.

Kumbusko anati mwina n'zongochitika, makampani ena amakhwimitsa mayeso. Koma Hafsah atalimbikira, anagwirizana kuti aliyense apereke tsamba limodzi lokha, otsalawo akambirane kaye ndi kampaniyo za mtengo. Kumbusko anavomera mofulumira kwambiri, ndipo kufulumirako Hafsah sikunamusangalatse.

Ngakhale anapangana choncho, iye anamasulira chaputala chonsecho. Ankadzinamiza kuti akungokonzekera, koma chenicheni chinali mantha: bwanji ngati ntchitoyo ilipodi, iye n'kuitaya chifukwa chokayikira anthu osalakwa? Anakhala pa laputopu masiku onsewo, kufufuza dzina lenileni la vavu yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo, kuonetsetsa kuti manambala a kuya kwa mjigo sanasokonekere, poti Apwitikizi amaika chizindikiro cha koma pamalo pamene Angerezi amaika dontho. Atamaliza anaika zonse mu fulashi, n'kusindikiza tsamba loyamba lokha. Anaganiza zopita yekha m'malo motumiza pa imelo, kuti akawaone anthuwo m'maso.

Lachisanu anakwera minibasi mpaka m'tauni, ina mpaka ku Makata. Ofesiyo inali kutsogolo kwa shedi yaikulu, mkati mukulira chopukusira zitsulo. Mlembi anamuuza kuti a Yakobe ali pafoni, adikire pa benchi. Ali chidikirire, panatulukira injiniya wovala ovolosi, m'manja muli girisi, n'kudzitchula kuti ndi Jabir. Anali munthu wansangala, wa mtundu uja wosadziwa kuti m'nyumba mwake muli zinsinsi. Atamva kuti mlendoyo ndi womasulira, nkhope yake inawala.

"Ndinu a chaputala chachinayi eti? Mwatithandiza, mayi. Tikungodikira chanucho kuti tisindikize buku. Anyamata akunyamuka Lolemba kukaika mapampu ku Mwanza."

Hafsah anafunsa modekha ngati chachitatu chinafika. Jabir anati chinafika dzana, chonse, bambo wa ku Naperi anachita changu. Anadandaulako pang'ono kuti machaputalawo sakugwirizana, wina akutchula chipangizo dzina ili, wina dzina lina, moti iye akuchita kukonza ndi bolopeni. Za ntchito ya chaka chonse sankadziwapo kanthu. Anati buku la Chipwitikizi ndi limodzi lomweli, linabwera ndi makina kudzera ku doko la Beira, ena onse amabwera m'Chingerezi.

Zinamuwawa Hafsah, ndipo sanadziwe kuti chowawa kwambiri n'chiti, bodza la kampani kapena la Kumbusko. Chaka chija anali atachigawa kale m'mutu mwake mwezi ndi mwezi, ndipo chinathera pa benchi pomwepo.

A Yakobe anamulandira ndi manja awiri. Anali bambo wa tayi yowala ndi mawu ofewa, ndipo kalata ya Hafsah inali patebulo pawo. Anati m'makalata onse amene analandira, yake ndi imene inafotokoza bwino zimene mwini wake amadziwa, moti sanavutike kumusankhira mayeso omuyenera. Anatambasula dzanja. Hafsah anawapatsa tsamba limodzi lija. Iwo analitembenuza kuyang'ana kuseri, ngati masamba enawo abisala kumeneko, n'kufunsa ngati pali vuto. Anamukumbutsa kuti anzake onse apereka zonse, ndipo komiti ikamasankha imaona amene ali ndi mtima wogwira ntchito.

Hafsah anafunsa kuti komitiyo ikumana liti, popeza anyamata akunyamuka Lolemba. A Yakobe anayang'ana kuchitseko kumene kunali Jabir. Mawu ofewa aja anauma. Anati womasulira Chipwitikizi mu Blantyre si iye yekha.

Zimenezo zinali zoona, ndipo Hafsah ankadziwa kuti akangotuluka, foni ya Kumbusko ilira. Ankadziwanso kuti Kumbusko za mapampu sazidziwa, ndipo Loweruka ndi Lamlungu sizimukwanira. Fulashi inali m'chikwama, pansi pa mpango wake. Anaimirira, n'kukankhira kalata yake ija pafupi ndi a Yakobe, chala chili pa ndime ya pansi.

"Bwana, mwawerenga bwino ndime ya zimene ndimadziwa. Yatsala iyi, ya mtengo. Mukaimaliza mundiimbire, nambala ili pamwambapo."

Anatuluka kudutsa pa shedi paja, Jabir akumufunsa chakumbuyo ngati wasiya chaputalacho kwa mlembi. Ali mu minibasi foni inalira. Sanali a Yakobe, anali Kumbusko, akufunsa mwaulemu wonse ngati angamubwerekeko mndandanda wake uja wa mayina a zipangizo za pampu.