Mapichesi a Malemu a Kizito

Bernadetta adakweza chubu chimodzi cha mbande, chinakana kunyamuka. Atakoka ndi mphamvu anamva kamuzu kakuduka pansi. Mizu ya mapichesi inali itaboola machubu n'kuyamba kulowa m'nthaka ya m'nazale.

Mbande zimenezi zinalipo 240, ndipo zinali ntchito yomaliza ya manja a mwamuna wake, a Kizito, omwe adamwalira mu Okutobala. Kwa zaka zambiri anthu a ku Mphunzi ndi midzi yozungulira ankagula mitengo yazipatso kwa iwo, chifukwa ankadziwa kumezanitsa: kutenga kanthambi ka mtengo wobala bwino n'kukalumikiza pa tsinde lolimba. Pa mbande iliyonse panali kapulasitiki komwe iwo adamanga ndi zala zawo, akung'ung'udza nyimbo za ku kwaya.

Tsopano Januwale anali kutha. Mtengo wobzalidwa mvula ikadalipo umagwira, koma wobzalidwa mochedwa umapsa ndi dzuwa. Kusunga mbandezo mpaka chaka china kunali kosatheka, poti chitsime cha kudimba chimaphwa mu Ogasiti, ndipo msana wa Bernadetta sukanatha kusenza madzi kuchokera kumjigo. Zikapanda kupeza eni ake m'masabata awiri, zidzafera pomwepo iye akuona.

Lachiwiri kunabwera Jesinta, mlongo wake wa malemuwo, yemwe amagulitsa mbatatesi ndi kabichi pamsewu ku Chimbiya. Jesinta ndi mayi wa pakamwa pachangu ndi mtima wabwino. Atamva nkhaniyo adati vutolo ndi laling'ono: atsitse mtengo kuchoka pa K3,000 kufika pa K2,000, ajambule chithunzi, alembe mawu pansi pake, atumize pa WhatsApp. Foni yokhala ndi WhatsApp pakhomopo inali imodzi yokha, ya a Kizito, yomwe idakhala m'kabati chichokereni maliro, ndipo Bernadetta ankangoiyatsa nthawi zina kuti aone zithunzi. M'menemo munali gulu la alimi a zipatso, gulu la kwaya, ndi la mphakati wawo.

Jesinta adagula bandulo nalemba monga amaonera otsatsa malonda a m'tauni. Zilembo zonse zikuluzikulu: mwayi wosowa, lero lokha, zatsala pang'ono, tumizani ndalama msanga pa nambala ino kuti tikusungireni. Adaikapo tizithunzi ta moto tisanu. Chithunzi adachitenga pa intaneti, cha mapichesi ofiira odzaza dengu, chifukwa, mwa kunena kwake, palibe amene angatengeke ndi timitengo ta masamba khumi.

"Munthu safulumira popanda kumuopseza pang'ono, alamu," adatero akukwera njinga yamoto. "Mudzandithokoza."

Tsiku linapita popanda wofunsa. Lachitatu masana Bernadetta adaona kuti uthenga uja wafufutidwa pagulu la alimi, ndipo nambala ya a Kizito yachotsedwamo. Posakhalitsa kafoni kake ka mabatani kanalira. Anali a Gibson, mphunzitsi wopuma ntchito yemwe amayang'anira gululo, mnzawo wa malemuwo kuyambira ali anyamata. Adalankhula mosamala, ngati wopereka uthenga wa matenda. Adati asadandaule, koma zikuoneka kuti akuba a pafoni alanda nambala ya malemu ndipo akupempha anthu ndalama m'dzina lawo. Iwo achenjeza kale aliyense kuti asatumize kanthu.

Bernadetta adakhala pansi pa khonde. Adawauza kuti adatumiza ndi iyeyo.

A Gibson adapepesa, nafotokoza. Nambala ya munthu amene adamuika m'manda yadzuka mwadzidzidzi, ikufuula, ikuti lero lokha, ikuti ndalama zitsogole, ndipo palibe dzina la wolemba kapena malo. Mayi wina wa m'kwaya analira ataiona. Ndipo a Kizito, iwo adatero, m'moyo wawo wonse sadafulumizepo munthu ngakhale pa kapu ya tiyi.

Madzulo ake Bernadetta adapita kunazale n'kuyamba kudula mizu yotuluka, chubu ndi chubu. Chinkamupweteka sichinali mbande zokha. Dzina la mwamuna wake, lomwe linali loyera ngati nsalu ya paguwa, linali litatchulidwa pamodzi ndi akuba. Adapempha Ambuye kuti amupatse mawu ochepa, oona.

Jesinta adabweranso Lachinayi, maso ali pansi, atanyamula kabichi ziwiri zopepesera. Adati basi angozisiya za pafonizi. Bernadetta adakana. Adati mbandezo zikufunikadi kupita msanga, chimenecho si bodza. Bodza linali m'kanenedwe.

Adakhala pa mphasa pafupi ndi nazale, pepala ndi pensulo pakati pawo. Bernadetta adayamba kufunsa mawu aja amodziamodzi ngati pa kalasi ya katekisimu. Lero lokha, n'zoona? Jesinta adavomera kuti ayi, mawa akadagulitsabe. Zatsala pang'ono? Zinali zonse 240. Nanga mapichesi ofiira aja ndi a m'munda mwa yani?

"A mzungu wina wake," adayankha Jesinta, ndipo onse awiri adaseka, koyamba chiyambire sabatayo.

Komabe Jesinta adaumirira pa chinthu chimodzi, ndipo apa ankanena zoona. Popanda tsiku lomaliza anthu adzati tidzapita mawa, mpaka mvula idzatha. Pamsewu iye adaziona: wogula amene wati ndibweranso sabwera. Choncho adagwirizana tsiku lenileni, Loweruka la sabata yotsatira, ndi ola lake, ndi chifukwa chake. Jesinta adawonjeza kuti mitengo yonse iwiri ilembedwe, wakale ndi watsopano, poti ogula akale amaudziwa wakalewo ndipo adzaona okha kuti sadaukweze dala kuti autsitse. Bernadetta adati ndalama munthu apereke ataona mbande ndi maso ake.

Adafufuta kangapo. Potsiriza papepalapo panali izi:

"Ndine Bernadetta, mkazi wa malemu a Kizito a ku Mphunzi. Ndikugwiritsa ntchito foni yawo. Adasiya mbande za mapichesi 240 zomezanitsa, ndipo mizu yayamba kuboola machubu, zikufunika kubzalidwa mvula isanathe. Mtengo wake ndi K3,000, koma mpaka Loweruka pa 8 Febuluwale, 5 koloko madzulo, ndi K2,000. Likadutsa tsikuli mtengo ubwerera. Musatumize ndalama pafoni. Bwerani kunazale, kuseri kwa nyumba yathu, musankhe nokha, mulipire pomwepo."

Jesinta adajambula mlamu wake ataima pakati pa mizere ya machubu, atanyamula mbande imodzi, mizu yake yoyera ikuonekera pansi. Adatumiza kaye kwa a Gibson. Iwo adabwezera nambalayo pagulu, nalemba pansi pake kuti alankhula ndi mayiwa, ndi iwowo.

Woyamba kufika adali mayi wa m'kwaya uja. Adagula zinayi, koma adakhala ola lonse. Ena adabwera ndi njinga, ena ndi madengu, mlimi wina wa ku Chongoni ndi ngolo. Madzulo alionse Bernadetta ankawerenga zotsala n'kulemba nambala yake yeniyeni pagulu: zatsala 190, zatsala 122. Jesinta adadabwa kuona kuti nambala yoona ikutsika imathamangitsa anthu kuposa tizithunzi ta moto tija. Lachisanu adakumbutsa kamodzi kokha kuti mawa ndiye tsiku lomaliza. Aliyense wogula ankauzidwa zomwe a Kizito ankanena: dzenje lofika m'bondo, manyowa owola bwino, ndipo polumikizira paja pasakwiriridwe.

Loweruka, 5 koloko itakwana, zinatsala khumi ndi ziwiri.

Lolemba m'mawa a Gibson adatulukira, akukankha njinga, thalauza litanyowa ndi mame. Adali ku maliro a mphwawo ku Ntcheu kuyambira Lachinayi la sabata yothayo. Ankafuna khumi. Jesinta, yemwe adagona kwa Bernadetta, adakokera mlamu wake pambali. Adanong'ona kuti awa ndi amene adawathandiza, ndipo ndi ofedwa. Awapatse pa K2,000, ndani adzadziwe?

Bernadetta adayang'ana machubuwo nthawi yaitali. Adakumbukira mayi wina amene adayenda wapansi m'mvula Loweruka kuti afike ola lisanakwane. Ngati Lolemba mtengo ukhala womwewo, ndiye kuti mayi uja adathamangitsidwa chabe, ndipo uthenga wachiwiri ukhala wabodza ngati woyamba.

Adabwerera, nagwada pang'ono.

"Aphunzitsi, pepani ndi maliro. Koma mtengo uja unatha Loweruka. Lero ndi K3,000."

A Gibson adamuyang'ana, kenaka adamwetulira pang'onopang'ono. Adati akadauzidwa zina, akadayamba kukayika ngati alidi pakhomo pa Kizito. Adapisa m'thumba, napeza kuti zikwana zisanu ndi ziwiri zokha. Adasankha mosafulumira, akutembenuza chubu chilichonse kuona polumikizira.

Atamanga katunduyo pa njinga, Bernadetta adapita kunazale n'kubwera ndi mbande zina ziwiri. Adaziika yekha m'dengu mwawo. A Gibson adafuna kukana.

"Izi si zamalonda," adatero Bernadetta. "Sindinathe kufika ku Ntcheu. Ndi chipepeso changa. Mukabzale pokumbukira achimwene anu."

Mkuluyo adavula chipewa. Adagwira kapulasitiki ka pa mbande imodzi ndi chala, nati mfundo iyi akuidziwa, Kizito ankamanga chonchi ngakhale zingwe za nsapato. Jesinta adayamba kufunafuna chinthu m'chikwama mwake chomwe munalibe.

Zinatsala zitatu. Jesinta adatenga imodzi pa mtengo wathunthu, akudandaula kuti m'banja muno mulibe chibale. Ziwiri zinazo Bernadetta adati sizigulitsidwa. Adalemba pagulu kuti mbande zatha, Mulungu awadalitse onse, ndipo asaiwale kuthirira ikadula mvula.

Masana kunachita mdima wa mvula cha ku phiri. Amayi awiriwo adatenga khasu napita kuseri kwa nyumba, pomwe madzi otsukira mbale amatha kufika ngakhale m'chilimwe. Jesinta adakumba, Bernadetta adang'amba chubu mosamala kuti dothi lisagumuke. Potsitsa mbandeyo m'dzenje adapezeka akung'ung'udza nyimbo ija ya kwaya, ndipo mlamu wake adalowa ndi mawu achiwiri. Adakwirira ndi manja, nasiya mfundo ya a Kizito pamwamba pa nthaka.